Galimoto ya Lewis: Bodza Likalowa M'malonda, Katundu Amatsala ndi Yani?

Mu 1969 mnyamata wina dzina lake Lewis, yemwe ankachita maphunziro apamwamba ku Bristol, m'dziko la Mangalande, analengeza m'nyuzipepala kuti akugulitsa galimoto yake pa mapaundi 450. Madzulo ena kunabwera bambo wa pakamwa potsekemera, n'kuiyesa galimotoyo, n'kuikonda. Pocheza ananena kuti iye ndi Richard Greene, katswiri wa zisudzo amene ankasewera ngati Robin Hood pa wailesi ya kanema. Analemba cheke ndipo anafuna kupita nayo galimoto usiku womwewo. Lewis anayamba wanyinyirika, koma mlendoyo anatulutsa chiphaso cha malo ojambulira mafilimu a Pinewood, chokhala ndi chithunzi chake ndi chidindo. Mtima wa Lewis unakhala pansi, napereka makiyi ndi mapepala a galimoto.

Chekecho chinali chochokera m'buku lobedwa ndipo banki inachikana. Pofika nthawiyo tambwali uja anali atagulitsa kale galimotoyo kwa wophunzira zoimba dzina lake Averay pa mapaundi 200, iye n'kuzimiririka. Panatsala anthu awiri osalakwa ndi galimoto imodzi. Mu 1971 khoti la apilo linagamula kuti galimotoyo ndi ya Averay.

Anthu ambiri akamva chigamulochi amagwira pakamwa. Munthu wanamizidwa, ndalama sanalandire, ndiye galimoto ipite kwa wina? Ophunzira malamulo, komanso owerengera ndalama amene amalemba mayeso a malamulo a zamalonda, amagwa pamalo pomwepa. Funso likangotchula bodza kapena kuopseza, dzanja limathamangira kulemba kuti mgwirizanowo unalibe mphamvu chiyambire. Nthawi zambiri yankho limenelo n'lolakwa, ndipo nkhani ya Lewis ikusonyeza chifukwa chake.

Milandu ya ku Mangalande ikutikhudza chifukwa Malawi anatengera malamulo a migwirizano kuchokera kumeneko, kuyambira pa lamulo la atsamunda la mu 1902, ndipo makhoti athu amaitchulabe milandu yotereyi akamaweruza, ngakhale kuti zigamulo za masiku ano za kumeneko siziwamanga manja. Ku Zambia nakonso muzu ndi womwewo. Amene ali ku Mozambique, Zimbabwe kapena ku South Africa asatengere zonse zimene zili pano, pakuti malamulo a kumeneko anachokera ku mizu ina.

Mabuku a malamulo amasiyanitsa mitundu iwiri ya mgwirizano wolakwika. Woyamba, umene m'kalasi amautcha voyidi, ndi wopanda mphamvu chiyambire. Pamaso pa lamulo sunachitikepo. Palibe chimene chinasamuka kuchoka kwa wina kupita kwa mnzake, palibe amene angaumirize mnzake kuukwaniritsa, ndipo ngakhale onse awiri ataufuna, sangaudzutse mwa kungonena kuti augwirizana nawo. Wachiwiri, umene amautcha voyidabo, ndi mgwirizano wamoyo koma wotheka kuthetsedwa. Ukugwira ntchito monga wina uliwonse, umwini wa katundu ukusamuka, kufikira tsiku limene wolakwiridwayo adzauthetse. Akapanda kuuthetsa, umakhalabe. Ndipo mphamvu youthetsa ili ndi iye yekha. Wonamayo sanganene kuti poti ndinanama, malonda aja atha.

Bodza limagwera mu mtundu wachiwiri, ngakhale litakhala lamkunkhuniza chotani. Chifukwa chake n'chakuti wonamizidwayo anavomera ndithu. Lewis anafuna kugulitsa galimoto, anadziwa kuti ndi galimoto iti, anadziwa mtengo, ndipo anapereka makiyi ndi dzanja lake kwa munthu amene anaima pamaso pake. Chimene chinalakwika ndi chifukwa chimene anavomerera. Lamulo likuti chilolezo chopezedwa mwachinyengo ndi chilolezo ndithu, kungoti mwini wake ali ndi ufulu wochibweza akazindikira. Tsono pa masiku amene Lewis anali asanazindikire, tambwali uja anali mwini galimoto pamaso pa lamulo, ngakhale umwini wake unali wolendewera. Averay anagula pa masiku amenewo, analipira ndalama, ndipo sankadziwa za chinyengocho. Umwini utafika kwa iye unakhazikika, ufulu wa Lewis wobweza malonda unatha pomwepo. Lamulo logulitsira katundu, la ku Mangalande ndi lathu lomwe, limanena zimenezi poyera: wogula mwachilungamo kwa munthu wa umwini wotheka kuthetsedwa, umwiniwo usanathetsedwe, amapeza umwini weniweni.

Lewis anali ndi ufulu wosumira tambwaliyo kuti amulipire. Koma tambwali sasiya adiresi, ndipo n'chifukwa chake milandu imeneyi nthawi zonse imakhala ya anthu awiri osalakwa. Pakati pa wonama ndi wonamizidwa pokha, kusiyana kwa mitundu iwiriyi sikuoneka kwambiri, popeza njira zonse ziwiri zimathera pa kubwezerana. Kumaoneka munthu wachitatu akalowapo, kapena nthawi ikapita.

Popeza mgwirizano wotheka kuthetsedwa umakhala wamoyo mpaka uthetsedwe, nkhani yonse imasanduka mpikisano wa nthawi. Mu Januwale 1960 bambo wina dzina lake Caldwell anagulitsa galimoto ya mtundu wa Jaguar kwa munthu wotchedwa Norris, amene analipira ndi cheke. M'mawa mwake banki inakana chekecho. Norris anali atathawa, ndipo panalibe njira yomuuzira kuti malonda atha, chikhalirecho lamulo limafuna kuti wothetsa mgwirizano amudziwitse mnzakeyo. Caldwell anathamangira kupolisi tsiku lomwelo, nauzanso bungwe la eni magalimoto kuti limuthandize kufufuza. Patapita masiku galimotoyo inadutsa m'manja angapo mpaka inafika kwa kampani yobwereketsa ndalama imene sinkadziwa kanthu. Khoti la apilo linati pamene wonyenga wabisala dala, kuchita zonse zotheka kuti upezenso katundu wako n'kokwanira kuthetsa mgwirizano. Umwini unabwerera kwa Caldwell m'mawa womwe uja, ndipo onse amene anagula pambuyo pake anagula kwa anthu opanda umwini. Lewis ndi Caldwell ananyengedwa mofanana. Anasiyana pa chakuti wina anafulumira kuposa tambwali wake.

Pali khomo limodzi limene bodza limatha kufikitsa mgwirizano pa kupandiratu mphamvu, ndipo olemba mayeso amalikonda. Ndi pamene bodzalo lachititsa kuti pasakhale kugwirizana kulikonse ndi munthu amene watenga katunduyo. Mlandu wake wotchuka ndi wa Cundy ndi Lindsay, wa mu 1878. Munthu wina dzina lake Blenkarn anachita lendi chipinda pa nambala 37 mu msewu wa Wood, ku London. Mu msewu womwewo, pa nambala 123, munali kampani yodziwika ndi yodalirika ya Blenkiron. Blenkarn analembera kalata a Lindsay, opanga nsalu a ku Belfast, kuitanitsa timipango ta m'thumba, ndipo anasaina mokhotakhota kuti dzina lake liwerengeke ngati Blenkiron. A Lindsay ankaidziwa kampani ya Blenkiron, choncho anatumiza katundu pangongole, ndi dzina la Blenkiron pamwamba. Blenkarn anagulitsa madazeni 250 kwa a Cundy, amene anagula mosadziwa. Bwalo lalikulu koposa la ku Britain panthawiyo linati a Lindsay sanaganizepo zochita malonda ndi Blenkarn, munthu amene sanamumvepo n'komwe. Maganizo awo onse anali pa Blenkiron, ndipo Blenkiron sanaitanitse kanthu. Choncho panalibe mgwirizano ndi aliyense. Blenkarn analibe umwini woti apatsire wina, ndipo a Cundy anayenera kulipira a Lindsay mtengo wa timipangoto, ngakhale anali atalipira kale kwa tambwali.

Kusiyana kwake ndi nkhani ya Lewis kuli pa njira imene malonda anachitikira. Anthu akakumana maso ndi maso, lamulo limayamba ndi ganizo lakuti wogulitsa anafuna kuchita malonda ndi munthu amene akumuona, kaya dzina lake ndi ndani. Dzina lonamalo linangomupangitsa kukhulupirira kuti cheke n'chabwino. Malonda akachitika pa kalata kapena pa pepala losainidwa, khoti limawerenga pepalalo kuti lione amene watchulidwa, ndipo ngati wotchulidwayo ndi munthu weniweni amene sanavomere kanthu, mgwirizano palibe. Mu 2003 bwalo lomwe lija linatsimikiza kusiyanitsa kumeneku pa mlandu wa kampani ya Shogun Finance ndi Hudson, pomwe tambwali anatenga galimoto pangongole pogwiritsa ntchito laisensi yobedwa ya munthu wina n'kusaina dzina la munthuyo pa fomu. Oweruza atatu anati mgwirizano panalibe, awiri anatsutsa, ndipo Hudson, amene anagula mosadziwa, anagonja.

Ine ndimaona kuti awiri otsutsawo anali ndi mfundo. Wogula wachitatu saona ngati tambwali ananama pakamwa kapena pa pepala, ndiye n'zovuta kumvetsa kuti tsogolo lake lidalire zimenezo. Koma woyankha funso ayenera kunena lamulo monga liliri, kenako n'kulidzudzula ngati malo alipo.

Tiyeni tiyese funso lopeka, la mtundu umene umabwera pa mayeso. Mayi wina akugulitsa njinga yamoto pa K2,400,000. Lolemba kukubwera bambo wovala bwino, akuti ndi mkulu wa bungwe lina lodziwika, akuonetsa chiphaso cha ntchito, akuonetsanso uthenga wa pafoni wakuti ndalama zatumizidwa ku banki ya mayiyo. Mayi akupereka njinga ndi mapepala ake. Lachiwiri akupita ku banki n'kupeza kuti sizinalowe. Akudikira, poganiza kuti mwina makina achedwa. Lachinayi bambo uja akugulitsa njingayo kwa mnyamata wa kabaza pa K1,900,000. Lachisanu mayi akukanena kupolisi. Njinga ndi ya yani?

Poyamba tione ngati bodzalo ndi la mtundu umene lamulo limauwerengera. Liyenera kukhala mawu onama okhudza chinthu chenicheni, osati kutamanda malonda chabe kapena maganizo a munthu, ndipo liyenera kukhala kuti linathandiza kukopa mnzakeyo. Apa mabodza alipo awiri, la udindo wake ndi la ndalama, ndipo mayi sakanapereka njinga popanda uthenga uja. Kenako tifunse ngati bodzalo linafafaniziratu kugwirizana. Anakumana maso ndi maso, choncho mayi anagulitsa kwa munthu amene anaima pakhomo pake. Mgwirizano ulipo, koma ndi wotheka kuthetsedwa. Chotsatira ndi kalendala. Mayi anachitapo kanthu Lachisanu, njinga inagulitsidwa Lachinayi. Ngati mnyamata wa kabaza anagula mwachilungamo, njinga ndi yake, ndipo mayi watsala ndi mlandu wake pa tambwali.

Tsopano tisinthe pang'ono. Mayi akanapita kupolisi Lachiwiri lomwelo atalephera kumupeza bambo uja, nkhani ya Caldwell ikanamuimira, ndipo pofika Lachinayi tambwali akanakhala wopanda choti agulitse. Mnyamata uja akanagula pa K500,000, usiku, popanda mapepala, funso likanakhala lakuti kodi sanadziwedi, kapena anatseka maso dala? Mtengo wotsika pawokha sutsimikiza kanthu, pajatu Averay analipira ndalama zosakwana theka la mtengo wa Lewis koma anapambana. Umangokhala umodzi mwa maumboni. Ndipo bambo uja akanangoiba njingayo pakhonde usiku, sipakanakhala mgwirizano uliwonse woti tiukambe. Mbala ilibe umwini, ndipo wogula kwa mbala sapeza kanthu, ngakhale atalipira mtengo wonse ndi mtima woyera. Ophunzira ena amasokoneza kuba ndi kunyenga chifukwa pokamba tsiku ndi tsiku timati onsewo ndi akuba. Pa nkhani ya umwini, amene wapatsidwa ndi amene watenga yekha ndi anthu awiri osiyana.

Kukakamiza kumayenda njira yomweyo, ngakhale kuti apa mtima umakana kwambiri kuvomereza. Munthu amene wasaina chifukwa chomuopseza kuti amupha amaoneka ngati sanavomere konse. Koma lamulo likuti anasankha, pakati pa zoipa ziwiri, ndipo cholakwika n'chakuti mnzakeyo analibe ufulu womuika pa chisankho chotero. Pa mlandu wa Barton ndi Armstrong, wochokera ku Australia, akuluakulu awiri a kampani imodzi anakangana, ndipo Armstrong anaopseza kuti amuphetsa Barton ngati sasaina mapepala ogula masheya ake pa mtengo wabwino. Panali umboni wakuti Barton ankaonanso phindu la bizinesi pa malondawo. Oweruza a apilo ku London anati n'zokwanira kuti kuopsezako kunali chimodzi mwa zifukwa zimene anasainira, ndipo anamumasula ku mgwirizanowo. M'chigamulocho munalowa mawu akuti mapepalawo analibe mphamvu, zimene zimasokoneza owerenga, koma milandu yotsatira inamveketsa kuti kuopseza kumapangitsa mgwirizano kukhala wotheka kuthetsedwa basi.

Umboni wake ndi wakuti wokakamizidwa amatha kutaya ufulu wake, chinthu chimene sichikanatheka mgwirizano ukanakhala wakufa chiyambire. Kampani ya Hyundai inagwirizana ndi kampani ina kuti iwapangire sitima yonyamula mafuta yotchedwa Atlantic Baron, mtengo wake mu ndalama za ku Amerika. Mu 1973 ndalamazo zinatsika mphamvu, ndipo a Hyundai anati muonjezere 10 peresenti, apo ayi ntchito iima. Analibe ufulu wofunsa zimenezo. Eni sitimayo anali atapeza kale ntchito yaphindu yoti sitimayo ikagwire, choncho analolera n'kulipira. Analandira sitima yawo mu Novembala 1974 osadandaula, ndipo anadzafunsa ndalama zoonjezerazo mu Julayi 1975. Woweruza anavomereza kuti kunali kukakamiza kwa zachuma. Koma anati atalandira sitima, chowaopseza chinali chitatha, ndipo kukhala chete miyezi isanu ndi itatu kunali kuvomereza mgwirizanowo. Ndalama sizinabwerere.

Chimodzimodzi ndi kukakamiza kofewa, kumene kulibe chiopsezo chilichonse, koma munthu amene umamudalira wagwiritsa ntchito chidalirocho: kholo pa mwana, loya pa womulemba ntchito, dokotala pa wodwala, mtsogoleri wa chipembedzo pa womutsatira. Pa maubale otere, ngati chuma chasamuka mwa njira yofuna kufotokozedwa, khoti limayamba ndi kukayika, ndipo wolandirayo ndi amene ayenera kusonyeza kuti mnzakeyo anachita mwaufulu, kawirikawiri posonyeza kuti analandira uphungu kwa munthu wapadera. Mayi wina dzina lake Allcard analowa m'gulu la masisitere a mpingo wa Angilikani, nalumbira umphawi ndi kumvera, napereka chuma chake kwa mkulu wa gululo, mayi Skinner. Malamulo a gululo ankaletsa kufunsa uphungu kunja popanda chilolezo. Palibe amene ananena kuti mayi Skinner anadyapo, ndalamazo zinapita ku ntchito zachifundo. Komabe khoti la apilo mu 1887 linati mphatsoyo inali yotheka kubwezedwa. Vuto linali lakuti Allcard anatuluka m'gululo mu 1879 koma anadzafuna chuma chake mu 1885, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi za ufulu osanena kanthu zinatseka khomo. Iyi inali mphatso, osati malonda, koma mfundo yake imagwira ntchito pa migwirizano momwemonso.

Choncho funso likatchula miyezi imene yadutsa, kapena likanena kuti wonamizidwayo anapitiriza kugwiritsa ntchito katunduyo atadziwa choonadi, kapena kuti katunduyo anadyedwa kale moti sangabwezedwe, wolemba funsoyo wakuuzani kale kumene akupita. Zinthu zimenezi zili ndi tanthauzo pa mgwirizano wotheka kuthetsedwa wokha. Sakanavutika kuziika m'funso la mgwirizano umene sunakhalepo.

Pa kukakamiza palinso khomo lopapatiza lopita ku kupandiratu mphamvu. Ngati wina wagwira dzanja la nkhalamba n'kulidinditsa chala pa pepala mwamphamvu, nkhalambayo sinasankhe kanthu, ndipo chidindocho si chake pamaso pa lamulo, monga momwe siginecha yopeka siikhala ya mwini dzina. Pafupi ndi pamenepa pali chodzitetezera cha munthu amene wasaina pepala losiyana kotheratu ndi limene anauzidwa. Chinayambira pa anthu osaona ndi osadziwa kuwerenga, ndipo kwathu kuno, kumene ambiri amadinda chala pa mapepala a Chingerezi amene wina wawawerengera, si nkhani ya m'mabuku chabe. Chikatheka, pepalalo limakhala lopanda mphamvu ngakhale kwa munthu wachitatu wosalakwa, n'chifukwa chake makhoti amachiumira.

Mayi Gallie, wamasiye wa zaka 78, anafuna kupereka nyumba yake kwa mwana wa mbale wawo kuti akakongolere ndalama za bizinesi, iwo n'kumakhalabe momwemo. Mnzake wa mnyamatayo, dzina lake Lee, anabwera ndi pepala n'kuwauza kuti ndi la mphatso ija. Magalasi awo anali atathyoka, choncho anasaina osawerenga. Pepalalo linali logulitsa nyumbayo kwa Lee pa mapaundi 3,000 amene sanalipidwe, ndipo Lee anakaikitsa nyumbayo chikole ku bungwe lobwereketsa ndalama za nyumba n'kulephera kubweza. Pakati pa mayiwo ndi Lee panalibe zovuta, bodza linali loonekeratu ndipo mgwirizano unali wotheka kuthetsedwa. Koma bungwe lija linali litalowapo kale mosadziwa, choncho njira yokhayo yopulumutsira nyumba inali kusonyeza kuti pepalalo linalibe mphamvu chiyambire. Mu 1970 oweruza anakana pa zifukwa ziwiri. Chimene anasaina sichinali chosiyana kotheratu ndi chimene ankafuna, popeza mbali zonse ziwiri inali nyumba yomweyo ikuchoka m'manja mwawo kuti ipezetse ngongole. Ndiponso munthu wodziwa kuwerenga amene wasaina osadikira magalasi, osapempha wina wodalirika kuti amuwerengere, sanasamale mokwanira. Woyankha funso la nkhalamba ndi chidindo cha chala ayenera kuyesa zinthu ziwiri zomwezi, chimodzi ndi chimodzi, asanalembe kuti pepalalo ndi lopanda mphamvu.